A Thovu ndi phazi la apongozi

A Thovu a ku labu, mzimu wawo uuse mumtendere, sankakhulupirira munthu, ngakhale botolo. Dzinali tinawapatsa chifukwa cha kuyeza kwa katalezi. Ankadonthezera mankhwala amadzi otchedwa perokisaidi pa tizilombo, ndipo pakachita thovu ankati ndi sitafilokokasi, pakakhala zii ankati sitirepitokokasi.

Chaka china kunabwera mafinya a pa phazi la apongozi awo, omwe aja ankawatcha "mkamwini woyeza mikodzo". Adokotala anali atayamba kale kunena zodula. A Thovu anabzala mafinyawo m'mbale yomeretsera tizilombo, tizilombo titamera anadontheza. Zii.

"Lembanitu kuti ndi sitirepitokokasi, achimwene," anatero mnzawo wa pabenchi. "Kapena mukufuna alidule mupume?"

"Iwe, botolo la perokisaidi ili lakhalitsa pawindo. Dzuwa limasukulutsa."

Anadontheza pa sitafilokokasi wodziwika amene ankasunga dala m'furiji. Ziinso. Atatsegula botolo latsopano, tizilombo ta apongozi tinachita thovu ngati sopo. Pa kuyeza kwina kotsimikizira, kwa koagulezi, pulazima, madzi a m'magazi aja, anaundana m'kachubu: anali sitafilokokasi woopsa uja wa zithupsa. Mankhwala a apongozi anasinthidwa, phazi linapola.

Phazi lomwelo ndi limene apongozi ankayendera kudzawalalatira Loweruka lililonse, a Thovu akungoliyang'ana monyadira. Lero pabenchi paja pali makina, ndipo palibenso wokangana ndi botolo.