Madzi M'botolo la Kachasu

Alamu anga, amuna a achemwali, anali msodzi pa Nyanja ya Chilwa, ndipo ankakhala chikamwini kwathu ku Jenala. Mankhwala awo a matsire anali amodzi: kachasu wina m'mawa, asanasukusule n'komwe. Kudoko ambiri amatero, amati akuchotsa matsire.

Mutu umalekadi, koma kwa kanthawi. Matsire amabwera mowa ukamatha m'magazi. Munthu amakhala atataya madzi ambiri pokodza, m'mimba mutapsa, tulo tosakoma, ndipo chiwindi pophwanya mowawo chimayamba chausandutsa poizoni wina. Kuthiranso kachasu n'kungosunthira mutuwo masana. Achemwali ankazidziwa bwino zimenezi, chifukwa mkwiyo wa masanawo unkathera pathupi pawo.

Tsiku limenelo ndinali kumudzi, ndikusenda chinangwa pakhonde. Alamu anatuluka atagwira chipumi, maso ali psuu, n'kupisa dzanja kudenga kumene ankabisa botolo. Anamwako kamodzi, kenaka analavula.

"Ichi n'chiyani?"

"Madzi, bambo," anatero achemwali. "Ndathiramo shuga ndi kamchere. Phala lili pamoto. Mumwe, mudye, mugone."

"Ndiwe dokotala tsopano? Kachasu wanga ali kuti?"

"Kafunseni nyerere kuseri kwa bafa. Zikuyenda mwadzandidzandi."

Botolo linaphulika pakhoma, pafupi ndi khutu la achemwali. Alamu anatola nkhafi imene inatsamira pankhokwe. Yoyamba inagwa paphewa, yachiwiri padzanja limene achemwali anatchinjiriza nalo nkhope. Ndinamva fupa likuti thyo. Ndinawagwira alamuwo m'chiuno, iwo anandigunda ndi chigongono pakamwa, magazi chuchuchu. Poto anagubuduka, phala n'kukhutukira paphazi la alamu, koma sanasiye.

Kukuwa kunafika kudimba la mpunga kumene kunali amalume. Kwathu mbumba imayang'aniridwa ndi amalume, ndipo mkamwini ndi mlendo ngakhale atamanga nyumba ya malata. Amalume anafika matope ali m'mawondo, n'kulanda nkhafiyo, n'kuithyolera pamtondo. Alamu anawatukwana. Khofi limodzi la amalume linawakhazika pansi.

"Munabwera kuno ndi maukonde ndi bulangete," anatero amalume. "Ndi zomwezo mubwerere nazo."

"Amalume, mutu ukundiwawa, tikambirane."

"Ukasiya, munyamuke."

Achemwali tinawatengera kuchipatala panjinga, dzanja titalimanga ndi chitenje. Analiika pulasitala.

Pobwerera tinapeza alamu pansi pa mtengo wa mango, maukonde ali pambali. Mudzi wonse panalibe amene akanawagulitsa kachasu tsiku limenelo. Anali atasanza, n'kumwa madzi a pamjigo, n'kudya nthochi zimene mayi wina anawaponyera, n'kugona. Mutu unali utasiya. Analankhula bwinobwino, ngati munthu.

"Mayi a mwana, ndachira. Tilowe m'nyumba."

Achemwali anakweza dzanja la pulasitala kuti alione, kenaka analowa okha n'kutseka chitseko. Alamu anamanga maukonde ndi bulangete n'kusenza kulowera kudoko.