Mbewu Sidikira Tsiku la Malipiro

Abwana anga anandilanda malipiro a miyezi itatu, ndi ntchito yomwe. Ndalamazo ndinkafuna kubwerera nazo kusukulu, poti ndinalekezera Fomu 3 fizi itasowa. Ndinapempha ndekha kuti abwana azindisungira kuyambira Sepitembala, kuopa kuzidya. Uchitsiru wanga ndi umenewo.

Ndinkagulitsa musitolo ina pa Linthipe: shuga, sopo, makope, makasu, mbewu ya chimanga. Abwana ankakhala ku Lilongwe, ankangobwera Loweruka. Tsiku lina anati ndiwalembere nthawi zoyenera kutsitsa mitengo. Ndinalemba kuseri kwa katoni. Sukulu zikamatsegulidwa mu Sepitembala, wogula makope khumi tizimuwonjezera cholembera. Mbewu ndi makasu titsitse mu Okutobala, alimi akadali ndi ndalama za mbatatesi, mvula isanagwe. Kumapeto kwa mwezi tisakhudze mtengo wa shuga ndi mafuta, chifukwa aphunzitsi akalandira amagula ndi kale.

Za makope zinayenda, anatha m'sabata imodzi. Kenaka abwana anabwera ndi alamu awo, amene anagwirako ntchito musitolo yaikulu m'tauni. Alamuwo anati malonda amatsata tsiku la malipiro, choncho zonse zitsike kamodzi kumapeto kwa Novembala, chikwangwani chikhale chimodzi. Ndinawauza kuti mlimi salandira kumapeto kwa mwezi, ndipo mvula siwerenga kalendala.

"Iwe, sukulu inakukanika, lero ufuna utiphunzitse bizinesi?" anatero alamuwo.

Abwana anaseka nawo.

Mu Okutobala alimi ankalowa, kufunsa mtengo wa mbewu, n'kuwoloka msewu kupita kwa anzathu amene anali atatsitsa kale. Ndinkawaona pakhomo akumanga mapaketi panjinga. Ndinaimbira abwana kawiri, anati ndidekhe. Mvula inagwa pakati pa Novembala, masiku atatu osalekeza, ndipo kuchokera ku Kabwazi mpaka kwathu aliyense anadzala.

Tsiku la malipiro litakwana tinapachika chikwangwani chija. Aphunzitsi anasesa shuga ndi mafuta pa mtengo wotsika. Mbewu inangokhala pashelefu. Amene tinaodako mbewuyo anakana kuilandiranso, ndipo mbewu yopaka mankhwala sungapite nayo kuchigayo.

Loweruka abwana anawerenga mapaketi otsala, nati amene anali pakauntala ndine, ndiye kulephera n'kwanga. Alamu aja sanabwere.

"Abwana, katoni ija ilipo. Muiwerenge."

Inalipodi. Inali pakhomo, anthu akupukutirapo matope. Anangoiyang'ana, n'kunena kuti zimene ankandisungira zalowa m'malo mwa mbewu, ndisiye makiyi.

Mu Januwale anzanga ankadutsa ndi zikwama za kusukulu, ine ndikukweza matumba a kabichi m'malole. Sitolo ija ikadalipo. Chaka chino anatsitsa mbewu mu Okutobala, ndinaona ndekha chikwangwani. Abwana akandiona amayang'ana foni.

Ndinkalandira K60,000 pamwezi. Ali nazo zanga K180,000.