Kalata ya kwa Che Jaffalie

A Dinah anakulira ku Malindi, m'banja la Anglican, ndipo kutayipa anakuphunzira ku mishoni. Mu 1979 analembedwa ntchito pa kaofesi kena kothandiza asodzi pa boma la Mangochi. Mabwana a pamenepo anali azungu obwera n'kupita. Iwo ankalemba makalata pamanja m'Chingerezi, a Dinah n'kuwatayipa m'Chichewa kuti apite kwa eni mabwato ndi makoka.

Sankangotembenuza mawu ayi. Mzungu akalemba kuti “bwerani Lachiwiri”, a Dinah ankayamba ndi ulemu wa munthuyo, kaya ndi shehe kaya ndi mwini makoka, n'kumufunsa za moyo ndi za kunyumba. Kenaka ankafotokoza chifukwa, pomaliza n'kupempha kuti ngati mpata ungapezeke Lachiwiri, ofesi ikathokoza. Tsikulo sankalibisa, koma ankalikhazika pabwino. Ndipo anthu ankabweradi.

Mu 1984 kunabwera bwana wina, a Jenkins, munthu wachangu amene ankanyadira kuti salankhula mozungulira. Atangokhala miyezi itatu anamva zoti anthu a Che Jaffalie akukoka makoka a maso ang'onoang'ono ku nyanja ya Malombe, n'kumagwira tiana ta chambo. Che Jaffalie anali mkulu wa imvi, wopita kale ku Maka, ndipo mabanja ambiri a kugombe ankadya chifukwa cha mabwato awo.

A Jenkins analemba mizere inayi. A Dinah atatayipa inadzaza tsamba. M'kalatamo munalibe mawu oti Che Jaffalie alakwa. Munali zoti ofesi yamva kuti makoka ena akuwononga nsomba zazing'ono, mwina eni ake asakudziwa, ndipo ikupempha iwo monga kholo la asodzi kuti athandize kuti mwezi usanathe makokawo achoke m'madzi.

Bwanayo anaona kutalika kwake n'kuuza a Dinah kuti amubwezere m'Chingerezi mawu ndi mawu. Atamva anafiira. Anati iye sakupempha malangizo kwa munthu wophwanya lamulo, ndipo kalata yotereyi munthu angaiwerenge n'kuganiza kuti amuyamikira. A Dinah anafotokoza kuti mkuluyo akamva bwinobwino, popeza aliyense akudziwa mwini makokawo, ndiponso kuti mukamusiyira pothawira manyazi amakonza zinthu yekha ngati nzeru zachokera kwa iye.

“Bwana, mukawalamula sangamvere anthu awo akuona, ngakhale atafuna,” anatero a Dinah.

A Jenkins anati ntchito ya wotayipa n'kutayipa. Anawonjezanso kuti kope lina lipite kwa Atumani, mphwake wa Che Jaffalie amene ankayang'anira mabwato. A Dinah anapempha kuti chimenecho chokha chisachitike, chifukwa kudzudzula malume mphwawo akuwerenga n'kuwavula pagulu. Sizinamveke.

A Dinah anatayipa. Mawu a bwanayo anayamba popanda moni: “Jaffalie, makoka ako ndi oletsedwa. Uwachotse pofika pa 30, apo ayi tidzawalanda.” A Dinah anaika “anu” m'malo mwa “ako”, ndipo ndi chokhacho chimene anaba. Pansi, monga mwa mwambo wa mu ofesi, panali zilembo za wosayina ndi za wotayipa.

Che Jaffalie sanayankhe. Makoka sanachoke, ndipo ku msonkhano wotsatira kunabwera asodzi atatu okha. Patapita sabata ziwiri, mkulu wina wa chipani anafika pa ofesi kalatayo ili m'thumba la jekete. Masiku amenewo munthu akatchulidwa kuti ndi wamwano sankadziwa kumene nkhani yake ikathere. Mkuluyo anafunsa amene analemba zimenezo kwa kholo lolemekezeka. A Jenkins anayankha kuti iwo Chichewa sachidziwa, ndipo zinali zoona. Pepala lawo la Chingerezi linali litatayidwa kale.

A Dinah anaimitsidwa pakati pa chipinda. Akanatha kunena zonse, koma kutsutsa bwana pamaso pa mlendo, mlendonso wachipani, sakanatha. Anangoti mwina dzanja lawo linafulumira, akupepesa. Mkuluyo anamva zimene ankatanthauza, popeza anali mwana wa konkuno, koma kunali kosavuta kutenga kupepesako monga kunalili. A Jenkins sanamve china chilichonse kupatula kuvomera mlandu.

A Dinah anachotsedwa ntchito mwezi womwewo. Anthu ankawauza kuti athokoze poti sanatengedwe.

A Jenkins anapeza kalaliki wina, amene analembera Che Jaffalie kalata yodzaza tsamba, ndipo makoka aja anachoka. A Dinah anabwerera kwa achemwali awo a Lusiya ku Malindi kukalima chinangwa. Kutchalitchi ankawapempha kuti akhale mlembi wa amayi, iwo n'kumayankha kuti maso akuvuta. Maso anali bwinobwino mpaka ukalamba wawo.