Dzina la ku Joni

Ndinali nditangofika kumene ku Nkhata Bay kuchokera kumudzi pamene achinyamata a mpingo anandipatsa ntchito yogwira foni pa maliro. Tinkaonetsa mwambo pa intaneti nthawi yomweyo, kuti abale a ku Joni aziona. Ukatha, vidiyo inkatsala pa tchanelo cha mpingo.

Maliro anga oyamba anali a bambo wina wa ku Chikale, amene anakalambira ku Joni nabwera kudzafera kwawo. Mutu wa vidiyo ndinalemba mofulumira tili kumanda: "Maliro a adada athu, tili pompano." Dzina la munthu wamkulu ndinaopa kulilemba.

Atasesa, amayi amasiye anandiitanitsa. Ndinawapeza pamphasa akusenda chinangwa cha kondowole, ndipo ndinagwada chapatali.

"Iwe wa foni, sendera, sindiluma. Munthu wosadziwa mpingo wathu angaipeze bwanji kanema ija?"

"Angatumizidwe linki, Ama."

"Nanga ngati nambala yake tilibe?"

"Ndiye kuti afufuze ndi dzina."

"Dzinalo unalemba?"

Ndinayang'ana pansi.

"Adada athu! Nkhata Bay yonse ndi adada athu, mwanawe."

Kenako anatsitsa mawu. Amuna awo anasiya mwana wamkazi ku Joni, wa mayi wakumeneko. Abale ankakana kumutchula. Mwanayo ankadziwa bambo ake ndi dzina lina, limene iwo ankagwirira ntchito kumeneko.

"Sindinamuonepo, ndipo sindikuti ndimamukonda. Koma tsiku lina adzafufuza. Apeze pamene tinawaika."

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kutsegula posinthira vidiyo. Ndinachotsa "tili pompano," poti mwambo unali utatha. Pamutu ndinayamba ndi dzina la ku Joni, kenako lakwathu, kenako mawu oti maliro, Chikale, Nkhata Bay. M'munsi, pofotokozera, ndinalemba m'Chingerezi ndi m'Chichewa tsiku la maliro, tauni imene ankagwira ntchito, ndi mphindi zimene mbiri, ulaliki ndi nkhata zikuyambira. Ndinaonetsetsanso kuti vidiyoyo ndi yoonekera kwa aliyense, osati kwa okhala ndi linki okha. Amayi aja anali atanditchulira dzina la ku Jonilo kawiri, akuyang'ana chinangwa.

Tsiku lomwelo ndinalifufuza, osapeza kanthu. Patapita masiku, vidiyo inayamba kutuluka.

Mvula itayamba, pansi pake panabwera ndemanga ya m'Chingerezi. Wolembayo anati ndi mwana wa malemuwo, waonera yonse, ndipo akufunsa mphindi imene nkhope ya bambo ake ikuoneka.

Kwathu sitijambula nkhope. Poona nkhope, akulu a mpingo amatiuza kuti tiloze foni kwa akwaya.

Ndinapita ku Chikale kukawerengera amayi aja. Nditamaliza, anati:

"Muuze kuti anagona bwino. Ndinawameta ndekha ndevu asanatisiye."

Ndinalemba momwemo. Mwanayo sanayankhenso.