Choko cha adada pachitseko

Chaka chimene depoti ya koparetivu imene ankagwirako ntchito inatsekedwa, adada anabwerera kumudzi ku Mphamba atanyamula kabokosi ka choko ndi chifuwa chosamva mankhwala. Ine ndinali nditamaliza giredi 12. Pakhomo panali ana anayi ofuna fizi, ndipo onse ankayang'ana ine.

Adada anajambula mizere kuseri kwa chitseko: kumene ndatumiza kalata yofunsira ntchito, tsiku lokafunsa ngati inafika, ndi yankho. Pansi pake m'mawa uliwonse ankalembapo mawu ochepa. "Wakana mmodzi, sanakane onse." Mawa lake afufuta, alemba ena. Kunena zoona zinkandinyansa. Mawu sagula sopo, ndinkatero chamumtima.

Madzulo ankakhala pampando ngati bwana, ine n'kugogoda pachitseko cha nyumba yathu yomwe.

"Dzina? Mufuna nchito yanji? Iwe, niyang'ane m'maso! Ku intavyu ukayang'ana pansi azaganiza ubisa vinthu."

Apa m'pamene ndinkalephera. Mwana wamkazi woleredwa bwino, kuyang'ana bambo ake m'maso? Amama ankachita kutseka pakamwa ndi chitenje. Ndinkayankha zonse bwinobwino, koma ndikuyang'ana zala zawo zakumiyendo.

Mu Epulo linakwana tsiku lokafunsa ku kampani ina yogula thonje ku Boma, kumene ankafuna kalaliki wa pasikelo. Adada anali atagona sabata yathunthu osadzuka. M'mawa umenewo ndinapeza pachitseko atalemba mokhotakhota: "Pita ukafunse. Dzutsa mutu." Amama anati adada anachita kukwawa kuti akalembe.

Ndinakagwada pamphasa pawo n'kunena kuti sindipita, ndiwasamale.

"Luta, mwana wane," anatero m'Chitumbuka, kundiuza kuti ndipite. "Koma uyambe waniyang'ana."

Ndinadzutsa mutu. Maso awo anali atalowa, achikasu, koma ankaseka. Ndinachita mantha, ndipo ndinawakonda kwambiri.

Ndinapalasa njinga mpaka ku Boma. Mlembi wa kampaniyo anati kalata yondiitana anatumiza kalekale ku bokosi la sukulu ya kwathu, limene mudzi wonse tinkalandilirako makalata. Sukulu inali pa holide, kalatayo inangogona ku positi. Intavyu inali mawa lake m'mawa. Ndikanapanda kupita, bwenzi itandidutsa.

Ndinagona kwa azakhali. Kutacha, azibambo atatu anandifunsa masamu a makilo ndi kalembedwe ka risiti. Aliyense ndinamuyang'ana m'maso. Anati ndiyambe Lolemba.

Pobwerera sindinatsike njinga ngakhale pachitunda. Nditakhota pa munda wathu wa fodya ndinaona amuna atakhala panja pamipando yobwereka, moto ukufuka pabwalo. Amayi a mpingo ankaimba m'nyumba.

Maliro a adada atatha, amama anatenga nsanza yonyowa kuti apukute chitseko. Ndinawagwira dzanja. Mzere wa yankho la kampani ya thonje unali wosalemba. Ndinatsegula kabokosi kaja, ndinalembapo ndekha.