Ola Limodzi la Mayi Chidindo

Kusanache kwenikweni, Mayi Chidindo amakhala atatsekula kale chitseko chachitsulo cha shopu yosoka ya mlongo wawo. Amavundukula makina khumi ndi awiri, n'kutola singano zogwa pansi ndi maginito. Akatero amalowa mu kaofesi ka kuseri, kugwada pambali pa kabati ya mafayelo, kutchula atelala onse mmodzimmodzi kwa Mulungu, kenaka n'kuyatsa kompyuta.

Anasoka zaka makumi awiri, mpaka nyamakazi inawapinda zala. Mlongo wawo wamng'ono, amene anamulera okha makolo atamwalira, anawasamutsira mu ofesi. Kompyuta anaiphunzira ndi chala chimodzi. Dzina lawo linachokera kwa atelala, poti pepala lililonse amayamba aliwerenga kawiri asanalidinde. Ati ngakhale kalata yachikondi ikanawapeza, akanafunsa kaye lisiti.

Chaka chimenecho shopu inapeza mwayi umene inali isanauonepo: mayunifolomu mazana asanu ndi limodzi a sukulu ina, ofunika pasanathe milungu itatu. Sukulu inapereka theka la ndalama kuti agulire nsalu. Nsaluyo amagula kwa mkulu wina wa sitolo yaikulu kutsidya kwa tawuni, amene onse ankangomutchula kuti a Nsalu.

Lachisanu m'mawa Mayi Chidindo anapeza imelo. Inachokera pa adiresi yeniyeni ya a Nsalu, pansi pa makalata omwe ankalemberana sabata yonse. Invoisi, pepala loitanitsira malipiro, inali yomweyo, mipukutu ya nsalu yomweyo, mtengo womwewo. Chosintha chinali mzere umodzi pansi: akaunti ina, ku banki ina. Kalatayo inati akaunti yakale yayamba yatsekedwa poti akuiunika, ndipo ndalama zikapanda kulowa pofika 12 koloko, nsalu ipita kwa ena.

Anakumbukira mayi wa pa kauntala ku banki amene anawauzapo kuti akuba a masiku ano sathyola zitseko. Amalowa mu imelo ya munthu, kukhala chete n'kumawerenga, kudikira tsiku lolipira. Anatulutsa kabuku kawo kakale ka manambala n'kuyimbira a Nsalu. Foni inali yotseka. Ya pa sitolo inangolira.

Anayamba kuyankha. Analemba kuti, “Kodi ndinudi a Nsalu?” Anayang'ana mawuwo, n'kufufuta. Wakuba angayankhe kuti ayi? Analembanso, ulendo uno atayika nambala ya akaunti yakale kuti afanizire, koma anafufutanso. N'kumupatsiranji mlendo zimene sanazifunse? Kutukwana sakanatha, poti mwina analidi mkulu uja, munthu amene anawakongozapo nsalu pa nthawi yovuta. Pomaliza analemba motere:

“Zikomo, kalata yanu taiona. Lamulo lathu ndi lakuti sitilipira ku akaunti yatsopano tisanalankhule ndi mwini wake pa nambala imene tili nayo kale, kapena kuonana maso ndi maso. Tikuyimbirani ndife. Kufikira pamenepo malipiro tawaimika. Pepani ngati takuchedwetsani.”

Yankho linafika pasanathe mphindi zisanu. A Nsalu enieni ankatha masiku awiri asanayankhe kalata. Yankholo linati foni yawo yagwera m'madzi, ayimbire nambala ina iyi, ndipo achite changu.

Nthawi yomweyo mlongo wawo analowa, makiyi a galimoto m'manja.

“Achemwali, mwalipira?”

Anamuonetsa zonse. Iye anawerenga ali chiimire.

“Nanga vuto lili pati? Adiresi ndi yawo. Nambala apereka. Bweretsani ndiyimbe.”

“Achimwene, nambala imeneyo wapereka ndi yemwe tikumukayikirayo. Mukamufunsa munthu ngati ali wakuba, ndiye aziti chiyani?”

“Inu mumakayikira ngakhale mthunzi wanu.”

Mlongo uja anayimba, foni ataikweza mawu. Kunayankha bambo waulemu kwambiri. Anati ndi kalaliki watsopano, a Nsalu apita kokatenga katundu, ndipo anatchula mipukutu yonse ndi mtundu wake osaphonya.

“Mwamva? Wakuba angadziwe bwanji kuti tikufuna yobiriwira?”

“Wawerenga makalata athu, achimwene. Zonsezo tinalemba tokha.”

Telala wamkulu, amene ankamutcha Sizasi, anasuzumira pakhomo. “Bwana, makina ayamba dzimbiri kuno. Kapena tizisoka mphepo?” Kumbuyo kwake ena anaseka.

Mlongo uja nkhope inasintha. “Nsalu ikapita, sukulu ndikaiuza chiyani? Kuti achemwali anga analota?”

Mayi Chidindo anagwira dzanja lake ndi zala zawo zopindikazo, monga ankachitira pomuwolotsa msewu ali mwana. “Ndikupita konko ndi miyendo yanga. Musakhudze kanthu.”

Iye anachotsa dzanja lake n'kuyang'ana nthawi pa foni.

Inali 10 koloko itapitirira. Basi inachedwa kudzaza. Itanyamuka inakaima pa mlatho, pomwe lole inafera pakati pa msewu. Anayimbira mlongo wawo kawiri, osayankha. Anadziwa kuti ndalama za shopu iye amatha kuzitumiza yekha pa foni. Anamulembera uthenga, basi ikuwagwedeza. Kenaka anatsika n'kuyamba kuthamanga, mayi wa zaka makumi asanu ndi zinayi, nsapato m'manja, milomo ikungoti Ambuye, Ambuye, mugwireni dzanja.

A Nsalu anawapeza kuseri kwa sitolo, akuwerengetsa katundu wotsika mu lole, foni ili pa chaja mu ofesi.

“Mayi, bwanji thukuta chonchi? Kwagwanji?”

“Mwasintha akaunti?”

“Ine? Akaunti imene ndinatsekula ndisanakwatire?”

Anawaonetsa kalata ija pa foni. Mkuluyo anakhala pansi pa mpukutu wa nsalu, n'kuitana mwana wake wamkazi kuti asinthe mawu achinsinsi a imelo ndi kuchenjeza makasitomala onse. Mayi Chidindo anayimbanso. Ulendo uno mlongo wawo anayankha, mawu ali myaa.

“Musavutike achemwali, ndathana nazo. Auzeni akweze nsalu.”

“Mwatumiza nthawi yanji?”

“Mutangotuluka.”

Mayi Chidindo sanalire pamenepo. Anamuuza kuti ayimbire banki nthawi yomweyo, pa nambala ya kuseri kwa khadi, anene kuti abedwa, ayese kubweza ndalamazo, ndipo asafufute kalata ngakhale imodzi. Anakumana ku banki, anadzaza mafomu, anapita kupolisi. Lachiwiri banki inayankha kuti ndalama zinachotsedwa mu akaunti ija pasanathe theka la ola. Zimene anazigwira sizikanagula ngakhale mabatani.

A Nsalu anawakongoza mipukutu ya mayunifolomu zana limodzi. Kuposa apo sakanatha. Sukulu inapereka ntchito yotsala kwa ena n'kufuna theka la ndalama lija. Galimoto inagulitsidwa, kenaka makina asanu ndi atatu. Sizasi anapita osatsazika.

Mayi Chidindo amatsekulabe chitseko kusanache. Amavundukula makina anayi. Popemphera amatchulabe atelala khumi ndi awiri, poti sadziwa kuti ayambe kusiya ndani. Mlongo wawo amalowa mochedwa, kupereka moni akuyang'ana pansi. Za tsiku lija sanakambiranepo. Kalata imene analemba ija Mayi Chidindo anaisindikiza n'kuimata pakhoma pamwamba pa kompyuta, ndipo iye amaidutsa ngati palibe.

Nthawi zina, kompyuta ikamachedwa kuyaka, amatsekula foni n'kuyang'ana uthenga wa mu basi uja. Foni imaonetsa kuti unawerengedwa. Pansi pake palibe kanthu. Uthengawo umati:

“Achimwene, sindinakupempheniko kanthu chikulerereni. Chonde ndipatseni ola limodzi lokha.”