Mwadzuka Bwanji wa Masana

Kwathu kuno utha kukhala wakuba mbuzi, koma ukamapereka moni mwaulemu anthu amati, "Mwana uja ngwabwino, kungoti manja." Ukakhala wosaba, wosamwa, wosatukwana, koma moni n'kumakuvuta, mbiri yako yatha. Amuna anga anali m'gulu lachiwirili.

Ndi mlimi wa mpunga kusikimu ya Likangala. Akakhala ndi munthu mmodzi amacheza bwinobwino, mpaka nthabwala. Koma anthu akangodzaza chipinda, amakumbukira kuti mbuzi sinamwe madzi. Mbuzi yathu inamwa madzi pa maukwati, pa misonkhano ya sikimu, ngakhale pa ubatizo wa mwana wathu woyamba. Anthu ankati ngonyada. Kuti ankanyadira chiyani, munthu wa njinga yopanda mabuleki, palibe anandiuzapo.

Ine ndimagulitsa matemba ouma, ndipo pakamwa ndiye mpamba wanga. Choncho titangokwatirana ndinatenga ntchitoyo. Munthu akati, "Muli bwanji bambo?" ine ndinkalumphira, "Ali bwino, kaya inu?" ngati ndikudwazika matenda kuchipatala. Ndinkaona kuti chimenecho ndiye chikondi, ndipo ndinachichita zaka zoposa makumi awiri.

Kenaka akulu awo anamwalira, amene ankayankhulira mbumba yonse. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Amuna anga anatsala malume yekhayo, ndipo chaka chomwecho mwana wa mlongo wawo anapeza mwamuna, mnyamata wogula nsomba ku Kachulu. Akwawo kwa mnyamatayo anabwera anthu asanu ndi mmodzi kunyumba kwa alamu anga, mayi a mtsikanayo, kudzaonana ndi amalume.

Mwambo wake ngodziwika. Mlendo sayamba moni. Amakhala pansi, mwini mbumba n'kubwera kudzamulonjera, ena onse n'kutsatira, nkhani n'kuyamba. Amuna anga anafika pakhomo, anaona nsapato zili ndandanda, n'kubwerera. Alamu anga alibe mbuzi, koma iwo anaipeza ya aneba. Ine lilime linkandiyabwa, koma pamudzi umenewo ndine mlamu chabe, sindingatsegule nkhani ya mbumba ya eni. Alendo anadikira mpaka tiyi anazizira. Ponyamuka, mkulu wawo, nkhalamba ya kofiya woyera, anati, "Ngati mwanayu ali ndi mwini wake, ife sitinamuone. Tibweranso kamodzi, Loweruka lachitatu kuchokera lero, m'mawa. Zikadzakhala zomwezi, tidzamva kuti simutifuna."

Mtsikanayo anabwera kwathu maso ali psuu. Sanakalipe. Anangogwada n'kuti, "Amalume, ngati simukumufuna mungondiuza." Amuna anga anayang'ana pansi. Mnyamatayo iwo ankamukonda kwambiri, ndipo ine ndinamva chisoni ndi onse awiri.

Madokotala anachuluka. Wina anati amwe kaye kakachasu, poti kamamasula lilime, osaganiza kuti akapumira mowa pankhope za alendowo, amene anali Asilamu. Wina anabweretsa kamuzu koika kunsi kwa lilime, ngati vuto la munthu wosayankhula n'kuchepa kwa zinthu m'kamwa. Ine mankhwala anga anali kukalipa. "Ingolimbani mtima, abambo. Moni amagula?" Ndinakalipa masiku awiri, ndipo anasiya kupereka moni ngakhale kwa ine.

Tsiku lachitatu tikuyanika mpunga ndinachita chimene ndinali ndisanachitepo. Ndinawafunsa chimene chimachitika.

"Ndikaona anthu ambiri, kukhosi kumauma," anatero. "Mtima umagunda mpaka m'makutu, manja thukuta. Ndimayamba kuwerengera kuti wamkulu ndani, ndiyambire pati, nanga mawu akanjenjemera, nanga ndikalakwitsa n'kundiseka. Ndikamaliza kuganiza, nthawi ya moni yadutsa, ndiye manyazi amawirikiza. Ndikatuluka panja zonse zimatha."

"Ndiye mumathawa chifukwa kuthawa kumakoma."

"Kumakoma tsiku lomwelo. Ulendo wotsatira zimafika poipa." Anatembenuza mpunga ndi phazi. "Komanso, amayi, nthawi zina ndimati nditsegule pakamwa, n'kupeza mwayankha kale."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinafuna kudziteteza, ndipo mfundo ndinali nazo zokwana dengu, koma ankanena zoona.

Tinagwirizana kuyambira pansi. Moni wathu, ndinawauza, ndi ntchito yosavuta kuposa zonse, chifukwa mawu ake anakonzedwa kale ndi makolo ndipo yankho limadziwika. Munthu akhale ndi malungo, mkazi wamuthawa, mbalame zamudyera mpunga, adzati ali bwino. Palibe amamvetsera. Ukafuna kubisa chinsinsi kuno, chinene pakati pa moni.

Iwo anayesa kuzemba. "Anzathu achisilamuwa ali ndi mwayi. Salamu imodzi pakhomo, chipinda chonse chayankha. Sindingangochita yomweyo?"

"Akatha salamuyo amayambanso mmodzimmodzi. Simuthawa."

Sabata yoyamba anali moni mmodzi patsiku, kwa munthu mmodzi, iwo kukhala oyamba. Mlonda wa pamjigo, mayi wogulitsa tomato, wokonza njinga. Asanayankhule, atulutse kaye mpweya pang'onopang'ono mpaka mapewa atsike, chifukwa munthu wamantha amaumirira mpweya m'chifuwa ndipo mawu amatuluka ngati a nkhuku yomezera chimanga. Asayang'ane m'maso ngati kukuvuta, ayang'ane dzanja limene akupatsidwa, poti kwathu kuno kumeneko kumaoneka ulemu. Akatha, asathawe. Aime pomwepo mpaka mtima utsike wokha, aone kuti umatsikadi. Ndipo pobwerera kunyumba kunali koletsedwa kuzenga mlandu wa mmene mawu anamvekera. Funso linali limodzi, moni waperekedwa kapena ayi.

Mbali yanga inali kukhala chete, ndipo inali yowawa kuposa yawo. Tsiku loyamba ndinalephera. Mayi wa tomato asanamalize "kaya inu," ine ndinali nditayankha. Kuyambira pamenepo ndinkayenda ndi nzimbe, tikayandikira munthu n'kuluma chidutswa chachikulu. Mano awiri anagwedera chifukwa cha ukwati wa mwana wa eni.

Sabata yachiwiri tinakwera. Anthu atatu pamakina opunthira mpunga, kenaka benchi ya odikira minibasi. Pamenepo anaphunzira chinthu chachikulu, chakuti chipinda sachipatsa moni, umapatsa munthu. Sankha mmodzi, wamkulu ngati akuoneka, apo ayi amene ali pafupi, ndipo ena onse asanduke mipando mpaka nthawi yawo ikwane. Ukatha uyu, tsata mzere osadumpha. Ndinathamanga nazo tsiku lina n'kuwakokera kumsika wa Songani pakati pa anzanga amalonda. Anauma ngati chitsa, tinabwerera osanena kanthu. M'mawa mwake tinabwerera kwa wokonza njinga n'kuyambiranso. Lamulungu tinalawirira kutchalitchi kuti anthu aziwapeza mmodzimmodzi m'malo moti iwo awapeze atadzaza. Anapereka moni kwa anthu asanu ndi awiri. Mayi wina anandinong'oneza kuti, "Akufuna kuimira ukomiti?"

Nzeru yolawirirayo ndi imene tinakonzera Loweruka lija. Alendo anati m'mawa, choncho amuna anga anayeserera "Mwadzuka bwanji" mpaka atakhala ngati nyimbo. Tinafika kwa alamu anga dzuwa lisanakwere kuti adzawalandire pabwalo akamafika.

Galimoto ya alendowo inadikira kudzaza. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Kudikira kumadyetsa mantha, ndipo m'mimba mwa amuna anga munayamba kuvuta. Ali kuseri ulendo wachinayi, alendo anatulukira. Sanali asanu ndi mmodzi. Mbiri ya malume wonyada inali itafika ku Kachulu konse, ndipo ena anabwera kudzangomuona. Anadzaza pabalaza, amuna pamipando, amayi pamphasa mpaka kukhomo la kuchipinda.

Amuna anga pobwera anapeza nsapato mulu ngati pakaunjika. Anaima. Ndinaona khosi likutembenukira kumene kunali mbuzi ya aneba. Mtsikana uja anali pakhomo la khitchini atagwira beseni, osaphethira. Nzimbe ndinali nditaiwala, choncho ndinaluma nsonga ya chitenje. Ndinayandikira, osawakankha, n'kulavula chitenjecho kanthawi.

"A kofiya woyera, kumanja. Iwo okha."

Ndinamva mpweya ukutuluka. Anapukuta dzanja pathalauza, anavula nsapato, analowa. Ananjuta pamaso pa nkhalamba ija, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, ndipo mawu anatuluka onjenjemera koma omveka.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Nthawi inali itadutsa 2 koloko masana. Ndinatsinzina. Chimene ankachiopa moyo wawo wonse chinali chitachitika, pamaso pa Kachulu yense. Kumphasa wina anatsokomola chifuwa chokhala ngati kuseka. Makutu a amuna anga anachita thukuta, ndipo ndinaona chidendene chikusuntha. Lilime langa linali litakonza kale chiganizo chowapulumutsa. Ndinaluma chitenje mpaka ulusi unalowa m'mano.

Sanadzuke. Anakhala pomwepo dzanja lili m'dzanja.

"Tadzuka bwino," inatero nkhalambayo mosathamanga, "kaya inu, amalume?"

"Tadzuka bwino. Zikomo."

Anasunthira kwa wachiwiri. Apa akanatha kukonza, koma lilime linali litagwira njira imodzi, ndipo anati, "Mwadzuka bwanji?" Wachiwiriyo sakanatsutsa mkulu wake, nayenso anadzuka bwino. Chipinda chonse chinadzuka bwino masana amenewo. Pofika kwa wachisanu mawu anali atasiya kunjenjemera. Kwa amayi sanatambasule dzanja, anaomba m'manja pang'ono mmodzimmodzi monga tinapangana, osadumpha ngakhale kamtsikana kobereka mwana. Alamu anga potsatira anayamba ndi "Mwaswera," anaona kuti achititsa manyazi mlongo wawo, n'kubwerera ku "Mwadzuka." Mpaka lero mabanja awiriwa akakumana, kaya ndi madzulo, amadzutsana.

Nkhani yeniyeni sinatenge nthawi. Amuna anga ananena ziganizo mwina zinayi, ndipo alendo anapita akuti malume uja ngofatsa, sachulutsa mawu ngati anthu ena. Ponena "anthu ena," nkhalamba ija inayang'ana kumene ndinakhala.

Manyaziwo sanathe. Mpaka pano akaona nsapato zambiri pakhomo amaima kaye, n'kutulutsa mpweya. Koma amalowa.

Tsiku limenelo tinabwerera wapansi, iwo akukankha njinga. Ndinali wokonzeka kufotokoza zonse mmene zinayendera, ngati kuti iwo kunalibe. Tisanafike pamlatho anaima, n'kundiyang'ana m'maso.

"Aliyense ndamupatsa moni lero, kupatula munthu mmodzi. Mwaswera bwanji, amayi?"

Ndinazindikira kuti zaka zonsezo sindinawasiyirepo mpata wondifunsa. M'mawa uliwonse ndinkadzuka n'kulengeza ndekha mmene ndagonera. Yankho ndinkalidziwa, ndi lomwe lija la aliyense, koma kukhosi kunauma ndipo misozi inalengeza. Iwo sanandiyankhire. Anagwira njinga yawo n'kudikira.